Peyisilipi ngati chikole: zimene wobwereketsa amaona ndi zimene saona ku Mpanshya

Ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa ku Zambia, anthu olandira malipiro a pamwezi ndi owerengeka. Pali anamwino ndi anzawo a pachipatala cha mishoni cha St Luke's, aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi ena ochepa. Ambiri amadalira munda, makala ndi geni ya m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku Lusaka kupita ku Chipata. M'dera lotere peyisilipi, kapepala kosonyeza malipiro a munthu, kamalemera kuposa mmene kamaonekera. Mlimi wa ng'ombe khumi akapita kubanki amafunsidwa chikole, ndipo munda wake, pokhala malo a mfumu, ulibe chikalata cha umwini. Mphunzitsi wopanda ngakhale mbuzi, bola dzina lake lalowa pa mndandanda wa malipiro a boma, amabwerako ndi ngongole. Funso ndi lakuti kodi kapepalako kakamatsegula chitseko chotere, kamanena zoona za mphamvu ya munthu yobweza ngongole, kapena kamangonena za mphamvu ya wobwereketsa yotenga ndalama zake.

Njira yake si yachinsinsi. Wofunsira ngongole amasonkhanitsa mapeyisilipi aposachedwa, kawirikawiri a miyezi itatu, sitetimenti ya akaunti imene malipiro amagwera, chitupa cha NRC chimene ambiri amangoti reji, ndi kalata ya abwana yotsimikiza kuti ndi wantchito wokhazikika. Wa m'boma masiku ano amatulutsa peyisilipi yake pa intaneti n'kukaisindikiza. Akatero amakwera basi ya ku Chongwe kapena ku Lusaka, ulendo umene ukafika ku Lusaka umaposa makilomita 150, kapena amangodikira oimira makampani a ngongole amene amayendera masukulu ndi zipatala atanyamula mafomu m'chikwama. Wobwereketsa akalandira mapepalawo amachita zinthu zitatu. Amafananitsa peyisilipi ndi sitetimenti kuti aone ngati ndalama yolembedwa pansi pa peyisilipi ndi imene inagwadi mu akaunti. Amafunsa ku bungwe losunga mbiri ya ongongola, limene anthu amalitcha CRB, kuti adziwe ngati munthuyo ali ndi ngongole ina kapena analepherapo kubweza. Kenaka amawerengera malo otsala pa malipiro.

Pa ogwira ntchito m'boma, kuwerengerako kumatsata lamulo limodzi lodziwika. Zonse zikadulidwa, munthu ayenera kutsala ndi ndalama yosachepera 40 peresenti ya besiki yake, ndiko kuti malipiro enieni osaphatikiza maalawansi. Malipiro a boma amayendetsedwa ndi dongosolo lotchedwa PMEC, ndipo ngongole zambiri zimadulidwa komweko ndalama isanafike m'manja mwa mwini wake.

Tiyerekeze ndi namwino wongopeka wa ku Mpanshya, ndipo ziwerengero zake ndi zachitsanzo chabe, mu kwacha ya Zambia. Besiki yake ndi K7,000. Maalawansi a nyumba, a mayendedwe ndi a kugwira ntchito kumudzi akukwana K3,500, kotero kuti pamwamba pa peyisilipi palembedwa K10,500. Potsata magawo a msonkho a 2024, amene sankadula kanthu pa K5,100 yoyamba ndipo ankafika pa 37 peresenti pa ndalama yopitirira K9,200, msonkho wake ndi pafupifupi K1,500. A penshoni a NAPSA amatenga 5 peresenti, a inshuwalansi ya zaumoyo a NHIMA amatenga 1 peresenti ya besiki. Chotsala ndi pafupifupi K8,400. Tsono 40 peresenti ya K7,000 ndi K2,800. Kuchotsa K2,800 pa K8,400 patsala K5,600, ndipo amenewo ndiwo malo a ngongole. Ngati namwinoyu ali kale ndi ngongole imene imadya K1,600 pamwezi, wobwereketsa watsopano amaona K4,000 imene angaidule mwezi uliwonse osaphwanya lamulo.

Amene amaikira kumbuyo njirayi ali ndi mfundo zolimba, ndipo n'kulakwa kuzipeputsa. Yoyamba ndi yakuti peyisilipi siyang'ana nkhope. Woyang'anira ngongole ku Lusaka sadziwa ngati wofunsayo ndi Msoli wa konkuno kapena wobwera kuchokera ku Kasama, ngati amapemphera kutchalitchi cha mishoni kapena ayi, ngati ali pachibale ndi aliyense wodziwika. Amaona ziwerengero zimene wina aliyense angazitsimikize. Mu 2022 boma la Zambia linalemba ntchito aphunzitsi 30,496 ndi ogwira ntchito zaumoyo 11,276, ambiri a iwo n'kutumizidwa kumadera akumudzi onga Rufunsa. Wachinyamata wotere amafika ndi chikwama chimodzi ndi matiresi, alibe nyumba kapena galimoto yoti apereke chikole. Popanda ngongole ya peyisilipi, akafuna ndalama yomalizira maphunziro kapena yolipirira mng'ono wake kukoleji, wotsala ndi wa kaloba, amene ku Malawi amati katapila. Wa kaloba amawerengera chiwongoladzanja chake pamwezi, osati pachaka, ndipo nthawi zambiri amasunga khadi la kubanki la wongongolayo. Kuyerekeza ndi zimenezo, ngongole yolembedwa, yokhala ndi tsiku lothera, yoperekedwa ndi kampani imene Bank of Zambia imaiyang'anira, ndi chinthu chabwinopo kwambiri.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yakuti kudula ndalama pagwero kumachepetsa chiopsezo cha wobwereketsa, ndipo ndicho chifukwa chake ngongole imatheka popanda chikole. Satumiza munthu kudzalondola ngongole ku Mpanshya, sadikira kuti wongongola akumbukire tsiku. Wongongolayonso sayesedwa ndi ndalama ili m'manja. Malata ambiri amene akuwala pa nyumba za aphunzitsi opuma m'midzi ya ku Zambia, ndi madigiri ambiri amene anamwino apeza akugwira ntchito, zinachokera m'ngongole zotere. Ndipo malire a 40 peresenti, kaya ndi ochepa motani, ndi malire ndithu: pali pamene kompyuta imakana, ngakhale wofunsa ndi wobwereketsa onse akufuna.

Komabe, malire omwewo ndi pamene otsutsa amayambira. Mawu akuti 40 peresenti amamveka ngati munthu akutsala ndi pafupifupi theka la malipiro ake. Sizili choncho, chifukwa amawerengedwa pa besiki yokha. Namwino wathu akadzaza malo onse, amatsala ndi K2,800 pa K8,400 imene akanalandira, gawo limodzi mwa atatu. Pa K10,500 yolembedwa pamwamba, imeneyi ingopitirira pang'ono kota. Munthu akakhala ndi maalawansi ochuluka, ndi pamenenso wobwereketsa amapeza malo aakulu, pamene pansi pake sipasuntha. Wogwira ntchito kumudzi, amene amapatsidwa alawansi chifukwa moyo wa kutali ndi tauni uli ndi zovuta zake, amapezeka kuti alawansi yomweyo yamukulitsira ngongole.

Ndipo K2,800 ija iyenera kuonedwa ili patebulo, osati papepala. M'chaka cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, thumba la ufa la makilogalamu 25 linkagulidwa pa mtengo woposa K300. Nyumba ya anthu asanu ndi mmodzi ikamadya matumba awiri pamwezi, gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama yotsalayo lapita ku ufa wokha, tisanatchule ndiwo, sopo, mafuta, makala ndi basi yopita ku Lusaka. Peyisilipi silemba kuti pakhomo pali anthu angati. Silemba kuti m'mudzi wolandira malipiro ndi mmodzi pa mbumba yonse, kuti maliro akagwa woyamba kuimbiridwa foni ndi iyeyo, kuti chimanga chikapsa kumunda abale amabwera ndi matumba opanda kanthu. Namwino wosakwatiwa wokhala m'nyumba ya chipatala ndi namwino wamasiye wolera ana anayi ndi amayi ake akhoza kukhala ndi mapeyisilipi ofanana mpaka ngwee yomaliza, ndipo kompyuta iwapatsa yankho limodzi.

Pali china chimene chimaonekera bwino pokhapokha munthu akakhala pansi ndi cholembera. Wobwereketsa akapeza malo a K4,000, funso lotsatira ndi lakuti ngongoleyo itenge zaka zingati. Tinene kuti chiwongoladzanja ndi 30 peresenti pachaka, chowerengedwa pa ngongole yotsala. Pa miyezi 36, K4,000 pamwezi imakwanira ngongole ya pafupifupi K94,000, ndipo wongongola adzabweza K144,000 yonse. Pa miyezi 60, K4,000 yomweyo imakwanira pafupifupi K123,600, koma yobweza ndi K240,000. Zaka ziwiri zowonjezerazo zamupatsa K29,000 ndi kena m'manja, n'kumudyera K96,000. Pa muyeso wa peyisilipi, ngongole ziwirizi ndi zofanana, chifukwa zonse zikudula K4,000 ndipo zonse zikusiya K2,800. Muyesowo umafunsa za mwezi umodzi wokha. Sufunsa kuti munthu akhala pa K2,800 kwa miyezi ingati.

Chifukwa chake n'chakuti kumayambiriro ndalama yambiri imathera ku chiwongoladzanja. Pa ngongole ya miyezi 60 ija, mwezi woyamba K3,090 ndi chiwongoladzanja, ndipo K910 yokha ndi imene imatsitsa ngongole. Patatha zaka ziwiri munthu walipira K96,000, koma ngongole yangotsika kuchoka pa K123,600 kufika pa K94,000. Nthawi imeneyi ndi imene foni imalira, mawu aulemu kumbali inayo n'kunena kuti akhoza kuwonjezeredwa ngongole popanda kusintha ndalama yodulidwa. Ndi zoona, sisintha. Ngongole yakale imatsekedwa, yatsopano ya miyezi 60 imatsegulidwa, munthu amalandira K29,000 kuchotsapo ndalama ya mapepala ndi ya inshuwalansi, ndipo zaka zitatu zimene zinatsala zabwereranso kukhala zisanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Umu ndi mmene anthu ena amakalambira pantchito asanaonepo malipiro awo athunthu.

Kumbali ina, sikungakhale chilungamo kunena kuti obwereketsa onse amangodzaza malo mpaka pakamwa. Mabanki ena ali ndi malire awoawo okhwima kuposa a boma, owerengedwa pa ndalama imene munthu amalandiradi. Ena sawerengera ndalama ya ovataimu kapena maalawansi osakhazikika. Amayang'ananso zaka zotsala kuti munthu apume pantchito, ndipo salola ngongole kupitirira tsikulo. Sitetimenti ya kubanki imaulula zambiri zimene peyisilipi imabisa: ndalama ikamatuluka yonse tsiku limene yagwa, kapena pakaoneka kudula kwa mwezi ndi mwezi kwa kampani ina, wodziwa ntchito amazindikira kuti pali ngongole ina kunja kwa PMEC. Mbiri ya ku CRB nayonso yathandiza, makamaka chikhazikitsireni lamulo loyendetsa mbiri ya ongongola mu 2018. Ayeneranso kumvedwa akamati sangathe kuwerenga pakamwa ponse m'nyumba ya munthu. Atafunsa kuti mumadyetsa anthu angati, wofuna ngongole adzayankha chimene chimupindulire, ndipo palibe pepala lotsimikizira. Ongongola enanso si osalakwa. Alipo amene amathamangira makampani awiri sabata imodzi ndi peyisilipi yomweyo, kudula kwa kampani yoyamba kusanaonekere. Alipo amene amasintha manambala pa peyisilipi, n'kugwidwa pamene ziwerengero zakana kugwirizana ndi sitetimenti, kapena pamene msonkho wolembedwa sukugwirizana ndi malipiro olembedwa.

Ngakhale zili choncho, chikhulupiriro chakuti malipiro a boma sasintha chayesedwa kale, ndipo chinapezeka ndi ming'alu. Mu 2019 boma linkadula ndalama za ngongole pa malipiro a antchito ake koma n'kuchedwa kuzipereka kwa obwereketsa. Peyisilipi inkasonyeza kuti munthu walipira, pamene mabuku a wobwereketsa ankasonyeza kuti ali m'mbuyo. Obwereketsa ena anayamba kudula mwachindunji mu maakaunti, anthu n'kudulidwa kawiri, ndipo ena mbiri yawo ya ngongole inada popanda cholakwa chawo. Pofika July 2021 vuto la ngongole pakati pa ogwira ntchito m'boma linali litakula moti boma ndi mabungwe a antchito anagwirizana zoimitsa kudulako kwa miyezi itatu. Zikanakhala kuti muyeso wa 40 peresenti umayezadi mphamvu yobweza, sizikanafika pamenepo.

Zina zimasintha pa munthu mmodzi yekha. Namwino wathu atasamutsidwira ku Lusaka, alawansi ya kumudzi imachoka. Ngati inali K1,400, msonkho nawo umatsikako, koma chofika m'manja chimachepa ndi pafupifupi K820. Ngongole sitsika nawo. K2,800 ija yasanduka K1,980, mumzinda umene nyumba ndi ya lendi. Chiwongoladzanja nachonso chikhoza kuyenda, chifukwa ngongole zambiri za mabanki zimamangiriridwa ku mlingo wa Bank of Zambia, umene unali 9 peresenti mu 2022 n'kufika 14.5 peresenti mu February 2025. Ukakwera, banki imakweza ndalama ya pamwezi kapena imatalikitsa nthawi yobweza. Ndi ochepa amene amafunsa za zimenezi asanasaine.

Nkhani ya kalata yotsimikiza malipiro ndi yaifupi, koma ku Mpanshya ili ndi malo ake. Pa zipatala ndi masukulu a mishoni ku Zambia pamakhala magulu awiri: olipidwa ndi boma, ndi olembedwa ndi mishoni kapena ndi mabungwe othandiza, ena pa kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. A gulu lachiwirili nthawi zina amangokhala ndi kalata ya abwana yodindidwa chidindo, yonena udindo wawo, tsiku loyamba ntchito ndi malipiro awo. Kalata yotere ndi lonjezo la munthu, si mbiri ya miyezi. Wobwereketsa amaiwona mwa mtundu wina. Amafuna kudziwa ngati abwanawo ali ndi mgwirizano ndi banki wodula ndalama pagwero, amafuna malipiro adutse mu akaunti ya kwa iye, ndipo salola ngongole kutalika kuposa kontirakiti. Zotsatira zake, mlonda kapena wophika wa zaka khumi pantchito akhoza kukanidwa, pamene wa m'boma wa chaka chimodzi walandiridwa. Wokanidwayo amamva kuwawa, ndipo m'pomveka. Koma wobwereketsa sakuyeza khalidwe lake. Akuyeza ngati gwero la malipiro lidzakhalapobe ndi ngati ali ndi njira yolifikira.

Pamenepa m'pamene mbali ziwirizi zimakumana, ngakhale sizivomerezana. Peyisilipi ndi umboni wabwino kwambiri wa zinthu ziwiri: kuti ndalama imabwera, ndi kuti wobwereketsa angathe kuigwira isanabalalike. Pa funso lakuti kodi ngongoleyi idzabwezedwa, kapepalako kamayankha molondola nthawi zambiri, ndipo n'chifukwa chake sikoyenera kukataya. Kukataya kungabwezere aphunzitsi ndi anamwino akumudzi m'manja mwa a kaloba. Koma pa funso lakuti kodi banjali lidzadya pamene ngongole ikubwezedwa, peyisilipi imayankha mwa theka, ndipo malire owerengedwa pa besiki amapangitsa theka limenelo kuoneka ngati yankho lonse. Ngongole ikhoza kubwezedwa mwezi uliwonse osaphonya, mabuku a banki n'kukhala oyera, pamene wongongolayo akukongola ufa kugolosale pa 10 mwezi usanapite patali. Vuto lotere silioneka ku CRB. Limaoneka pamene mphunzitsi wajomba kukathamangitsa geni, kapena pamene khadi lake la kubanki lili m'thumba la munthu wina.

Choncho chigamulo choyenera chikuoneka kukhala chapakati, chokhala ndi zifukwa zake. Njira ya peyisilipi ikhalepo, koma pansi pake pangakhale polimba kwambiri patawerengedwa pa ndalama imene munthu amalandiradi, osati pa besiki yokha, ndipo maalawansi amene amachoka munthu akasamuka asamawerengedwe pa ngongole ya zaka zisanu. Wobwereketsa asamangonena ndalama ya pamwezi. Aziika patsogolo, m'manambala aakulu, ndalama yonse yobweza, ndalama imene igwe mu akaunti atachotsa za mapepala ndi inshuwalansi, ndiponso ngati chiwongoladzanja chili chokhazikika kapena choyenda. Izi zili ndi mtengo wake, ndipo tiyenera kuuvomera: ngongole zidzachepa kukula, ndipo ena amene lero amalandira adzakanidwa, mwina n'kupita kwa a kaloba komwe tikuwaopako. N'chifukwa chake kukhwimitsa malire kokha sikungakwanire ngati malipiro akutsalira m'mbuyo mwa mitengo ya zinthu.

Kwa namwino wathu, pamene malamulo akadali mmene alili, kuwerengera kwachiwiri kuli m'manja mwake. Akalemba zimene nyumba yake imadyadi pamwezi, n'kupeza kuti ndi K4,500, ndiye kuti malo ake enieni si K4,000 imene kompyuta yanena. Pa K8,400, kuchotsa K1,600 ya ngongole yakale ndi K4,500 ya pakhomo, patsala K2,300. Ngongole ya K50,000 ya miyezi 36, pa chiwongoladzanja chomwe chija, imadula pafupifupi K2,120 pamwezi, yobweza yonse n'kukhala pafupifupi K76,400. Imalowa, koma mothina, ndipo atasamutsidwa n'kutaya K820 ija ayenera kuchepetsa za pakhomo. K50,000 sifika ndi theka la K123,600 imene woimira kampani angamulembere pa fomu ali chiimire pakhonde la wodi, ndipo mwina simaliza nyumba imene akumanga kwawo. Imafika pa malata ndi zitseko, mazenera n'kudikira chaka china.